Ndime ya indemuniti mu kontirakiti ya ntchito: tiyiwerenge chiganizo ndi chiganizo

Makampani ang'onoang'ono ambiri mu Lilongwe muno, oyeretsa maofesi, olondera, okonza magetsi ndi mapaipi, amasainira kontirakiti imene mwini ntchito walemba kale ndi maloya ake. Pepala likafika, maso amathamangira pa zinthu ziwiri: ndalama ndi zingati, nanga azilipira liti. Masamba enawo amangovundukulidwa mpaka kufika posainira. Koma chakumapeto, kawirikawiri moyandikana ndi ndime ya inshuwaransi, pamakhala ndime yotchedwa indemuniti, ndipo ndime imeneyi ikhoza kugwetsa kampani chifukwa cha ngozi ya usiku umodzi wokha.

Indemuniti ndi lonjezo loti china chake chikavuta, zotayika za mnzakoyo uzisenza ndiwe. Kusiyana kwake ndi chipukutamisozi wamba nkwakuti pa chipukutamisozi wodandaula amayenera kuonetsa kuti unalakwa kapena unaphwanya mgwirizano. Pa indemuniti chimene amaonetsa nchakuti zimene zinatchulidwa m'ndimemo zachitika. Kulakwa kwako kumafunika pokhapokha ngati mawu a ndimeyo akutero. Malamulo athu a makontirakiti anakhazikika kwambiri pa zigamulo za makhoti a ku Mangalande, ndipo mfundo yakale kumeneko, imenenso makhoti athu amatsata, ndi yakuti munthu wasainira pepala wamangika nalo, kaya analiwerenga kaya ayi.

Tiyeni titenge chitsanzo chongopeka. Mayi wina wa ku Kawale ali ndi kampani yoyeretsa, ya antchito khumi. Wapeza kontirakiti ya chaka chimodzi yoyeretsa nyumba yosanja ya maofesi ku Eriya 4, pa K2,000,000 pa mwezi. Akalipira antchito, kugula sopo, mopu ndi zina, amatsala ndi K300,000. Lachisanu lina masana madzi asowa. Mnyamata wake wantchito watsegula mpopi wa pa sinki ya m'khichini yam'mwamba, waona kuti sukutulutsa kanthu, wachoka osautseka. Madzi abwera pakati pa usiku. Sinkiyo inali yotsekeka kale, ndipo mayiyu anali atalembera mwini nyumba za vutoli milungu itatu yapitayo, koma palibe anabwera kudzakonza. Pofika Lolemba m'mawa siling'i yapansi yagwa, kapeti wanyoweratu, ndipo makompyuta a kampani yochita lendi pansipo afa.

Zotayika ndi izi. Kukonza siling'i ndi kapeti wa mwini nyumba ndi K6,000,000. Makompyuta ndi mapulinta a walendi ndi K14,000,000. Walendi akutinso wataya phindu la K9,000,000 pa masiku amene ofesi inali yotseka. Loya wa mwini nyumba watumiza bilu ya K5,000,000. Zonse pamodzi ndi K34,000,000, phindu la mayiyu la zaka zoposa 9. Ndani alipire? Yankho lili m'ziganizo zisanu. Makontirakiti oterewa amalembedwa m'Chingerezi, koma tiziwerenga m'chinenero chathu kuti fupa lake lioneke.

Chiganizo choyamba chimati: "Wogwira ntchito adzabwezera mwini nyumba, akuluakulu a kampani yake, antchito ake ndi omuyimira, ndipo adzawatchinjiriza ku zotayika zonse, madandaulo onse, chipukutamisozi ndi ndalama zonse zowonongedwa, kuphatikizapo malipiro a maloya, zochokera ku ntchitoyi kapena zokhudzana nayo mwa njira ina iliyonse."

Chiganizo chimodzichi chanyamula mafunso atatu, ndipo ndi bwino kuwayankha limodzilimodzi. Loyamba: ukulonjeza kwa ndani? Mayiyu akuganiza kuti akuchita mgwirizano ndi kampani imodzi, koma mndandanda watambasuka kufikira antchito ndi oyimira. Ngati nyumbayo imayang'aniridwa ndi kampani ina yotolera lendi, ndipo walendi wasumira kampani imeneyo, mwini nyumba anena kuti imeneyonso ndi yomuyimira, ndipo bilu yake ibwera ku Kawale.

Lachiwiri: ukulonjeza kulipira chiyani? Taonani kuti "zotayika zonse" zaikidwa padera ndi "madandaulo onse". Madandaulo ndi a anthu apadera, monga walendi uja. Zotayika zikhoza kukhala za mwini nyumba iye mwini, monga siling'i yake. Anthu ambiri amaganiza kuti indemuniti ndi ya milandu yochokera kunja yokha, ndipo ndime zina zimalembedwadi choncho. Iyi ayi. Chifukwa chake mwini nyumba amakonda njira imeneyi nchakuti pa mlandu wamba wophwanya kontirakiti pali mipanda iwiri yomuletsa. Wina unachokera pa mlandu wa Hadley ndi Baxendale wa mu 1854, pamene mwini chigayo anataya phindu chifukwa onyamula katundu anachedwetsa chitsulo chothyoka cha chigayocho, koma khoti linakana kumupatsa phindulo poti onyamulawo sanauzidwe kuti chigayo chaima. Kuchokera pamenepo, wolakwa amalipira zotayika zokhazo zimene zimadza mwachibadwa, kapena zimene onse awiri ankaziyembekezera popangana. Mpanda wina ndi wakuti wolakwiridwa sayenera kungokhala manja lende zinthu zikuwonongeka. Ayenera kuyesetsa kuchepetsa zotayikazo. Ndime ya indemuniti yotambalala imapatsa loya wa mwini nyumba mpata wonena kuti iyi ndi ngongole chabe imene munalonjeza, ndipo mipanda iwiriyo siyikugwira ntchito. Si nthawi zonse makhoti amavomereza mfundo imeneyi, zimatengera mawu enieni a ndimeyo, koma kampani ya antchito khumi ilibe ndalama zokayesera mfundo ku nthambi ya zamalonda ya Khoti Lalikulu.

Malipiro a maloya nawo sanalowemo mwangozi. Munthu akapambana mlandu, khoti limalamula wogonja kulipira ndalama za mlanduwo, koma zimayamba zaunikidwa ndi mlembi wa khoti, ndipo nthawi zambiri zimene amavomereza zimachepera pa bilu yeniyeni ya loya. Mawu awa akufuna bilu yonse, K5,000,000 ija, ngakhale nkhani itathera mu ofesi osafika kukhoti.

Funso lachitatu ndi limene ine ndimayamba nalo ndikagwira ndime yotere: chimene chikuyambitsa lonjezolo nchiyani? Apa mawu ake ndi "zochokera ku ntchitoyi kapena zokhudzana nayo mwa njira ina iliyonse". Werenganinso, simupezamo mawu oti kulakwa, kusasamala kapena kuphwanya mgwirizano. Tiyerekeze kuti mnyamata uja anatseka mpopi bwinobwino, koma paipi yakale inaphulika yokha pamalo pamene ankatungira madzi okolopera. Mayiyu sanalakwe chilichonse, komabe mwini nyumba akhoza kunena kuti zimenezi zikukhudzana ndi ntchito yoyeretsa. Mawu achilungamo ndi akuti "zobwera chifukwa cha kusasamala kwa wogwira ntchito kapena kuphwanya kwake mgwirizanowu". Kusinthako ndi kwa mawu ochepa kwambiri, ndipo eni ntchito ambiri savuta kukuvomereza, chifukwa nkovuta kufotokoza pamaso pa munthu chifukwa chimene ayenera kulipirira zimene sanalakwe.

Chiganizo chachiwiri: "Udindo umenewu udzakhalapobe ngakhale zotayikazo zitadza, zonse kapena mbali yake, chifukwa cha kusasamala kwa mwini nyumba kapena antchito ake."

Pano ndi pamene sinki yotsekeka ija ikulowera. Popanda kontirakiti iliyonse, mayiyu akanayankhabe pa zimene mnyamata wake anachita, chifukwa wolemba ntchito amasenza kusasamala kwa wantchito wake pa nthawi ya ntchito. Koma akanatulutsa kalata yake ija ndi kunena kuti sinki ikanakhala yabwino madzi akanangopita m'ngalande. Mlanduwo ukanagawidwa. Kumudzi zimadziwika: mbuzi yako ikadya chimanga cha mnansi umalipira, koma ngati mnansiyo ndiye anasiya khola lako lotsegula, amfumu sangakulipitse wekha. Chiganizo ichi chikutanthauza kuti mayiyu wavomera kulipira yekha ngakhale zitatero.

Mwina mungafunse kuti chiganizo choyamba chinali kale chotambalala, nanga ichi chikufunikiranji? Chifukwa makhoti safulumira kukhulupirira kuti munthu wanzeru zake angavomere kulipirira kusasamala kwa mnzake. Mlandu wodziwika pa nkhaniyi ndi wa Canada Steamship Lines wa mu 1952. Boma la Canada linabwereketsa kampaniyo nyumba yosungira katundu padoko la ku Montreal, ndipo antchito a boma lomwelo, pokonza nyumbayo ndi chida cha moto chodulira zitsulo, anayiyatsa, katundu wa anthu napsa. Boma linaloza ndime ya indemuniti kuti kampani yochita lendi ndiyo isenze madandaulo. Oweruza anakana, ponena kuti mawuwo sanatchule kusasamala kwa boma momveka bwino, ndipo akanatha kutanthauza zinthu zina. Makhoti a masiku ano amatenga chigamulochi ngati chitsogozo, osati lamulo louma, koma maloya anaphunzirapo: ngati ukufuna kuti mnzako alipire kulakwa kwako, lemba poyera. Choncho mukaona mawu oti kusasamala kwa mwini nyumba atchulidwa mwachindunji, dziwani kuti khomo limene khoti likanakutulutsirani latsekedwa dala.

Chokonza chake si kungofufuta chiganizochi basi. Ndi bwino kuchitembenuza kuti chinene kuti wogwira ntchito adzalipira molingana ndi gawo la kulakwa kwake, ndipo sadzalipira gawo limene ladza chifukwa cha mwini nyumba. Komanso sungani umboni. Kalata yonena za sinki, yokhala ndi deti ndi siginecha ya amene anailandira, ili ndi mphamvu kuposa kunena kuti tinamuuza mlonda.

Chiganizo chachitatu chimaoneka chofatsa: "Mwini nyumba adzadziwitsa wogwira ntchito za dandaulo lililonse m'nthawi yoyenera, ndipo adzakhala ndi ufulu wolikana, kukambirana kapena kulithetsa monga aonera."

Funsani kuti amene akukambirana ndi ndani, ndipo amene akulipira ndi ndani. Walendi wapansi amalipira lendi mwezi ndi mwezi, ndipo mwini nyumba safuna kuti asamuke. Akabwera ndi chiwerengero cha K9,000,000 ya phindu lotayika, mwini nyumba alibe chifukwa chofunsira mabuku a ndalama a miyezi yapitayo kuti aone ngati ofesiyo imapezadi ndalama zotero. Alibenso chifukwa chofunsira ngati K14,000,000 ndi mtengo wa makompyuta atsopano pamene amene afa anali akale. Avomera mwaulemu, agwirana chanza, ndipo kalata ipita kwa mayi uja. Nzoona kuti khoti likhoza kufunsa ngati kugwirizanako kunali koyenera, koma mawu oti "monga aonera" analembedwa kuti funsolo lichepe mphamvu.

"Nthawi yoyenera" nayo ilibe malire. Mayiyu akamva za dandaulo patapita miyezi inayi, makompyuta atatayidwa, siling'i itakonzedwa, alibenso chimene angayeze. Choipirapo, makampani a inshuwaransi amafuna kudziwitsidwa mwamsanga za ngozi imene ingabale dandaulo, ndipo amaletsa kuvomera mlandu kapena kugwirizana za malipiro iwo asanalole. Kugwirizana kumene mwini nyumba wachita payekha kukhoza kupatsa a inshuwaransi chifukwa chokanira. Apa pemphani zinthu zitatu: chidziwitso cholembedwa m'masiku owerengeka, mwachitsanzo 7, ufulu woti inu kapena a inshuwaransi anu muone zowonongeka ndi kutengapo mbali poyankha dandaulo, ndi kuti pasakhale kugwirizana za ndalama musanavomereze molemba.

Chiganizo chachinayi nchachifupi: "Mwini nyumba akhoza kudula ndalama iliyonse ya m'ndime ino pa malipiro a wogwira ntchito." Ichi ndi chimene chimaluma msanga. Palibe kudikira woweruza. Mwezi ukatha K2,000,000 siyibwera, pamene antchito khumi akudikira malipiro awo, amene lamulo la zantchito la mu 2000 likuti ayenera kulipidwa, kaya bwana walandira ndalama kwa kasitomala kaya ayi. Kuti K34,000,000 ikwane pafunika miyezi 17 yogwira ntchito yaulere, kuposa kontirakiti yonse. Mawu oyenera kuonjezera ndi akuti kudulako kuchitike pa ndalama zokhazo zimene onse awiri agwirizana, kapena zimene khoti kapena woweruza wapadera wagamula.

Chiganizo chachisanu: "Malire a udindo otchulidwa m'ndime ina ya mgwirizanowu sadzakhudza ndime ino, ndipo ndime ino idzagwirabe ntchito mgwirizanowu utatha."

Makontirakiti ambiri amakhala ndi ndime yoika malire, yonena mwachitsanzo kuti palibe mbali idzalipire inzake zoposa malipiro a chaka chimodzi. Mayi uja akanaiwerenga akanapuma, poganiza kuti zikavutitsitsa ndi K24,000,000. Theka loyamba la chiganizo ichi likuchotsa chitetezo chimenecho pamalo pomwe chikufunikira kwambiri. Ndipo poti chiganizo choyamba chakokera pafupifupi vuto lililonse m'kati mwa indemuniti, malirewo angotsala dzina. Nchifukwa chake ndime ya indemuniti siyiwerengedwa payokha. Ikani chala chimodzi pa iyo, china pa ndime ya malire, muone kuti ikugonjera inzake ndi iti. Eni ntchito ena amakana malire pa imfa ndi kuvulala kwa anthu, kapena pa chinyengo ndi kuba, ndipo pamenepo ine sindingawatsutse kwambiri. Koma pa katundu wowonongeka, malire ogwirizana ndi kukula kwa ntchito kapena kwa inshuwaransi ndi pempho loyenera.

Theka lachiwiri likunena za nthawi. Lamulo lathu loika malire a nthawi yosumira limapereka zaka 6 pa milandu ya kontirakiti. Pa kuphwanya mgwirizano wamba, zakazo zimayamba kuwerengedwa tsiku lolakwalo. Pa indemuniti, kawirikawiri zimayamba pamene zotayikazo zatsimikizika, monga pamene mwini nyumba walamulidwa kulipira walendi. Ngati walendi wasuma patapita zaka zinayi, mlandu nkutha patapita zina ziwiri, mayiyu akhoza kulandira kalata ntchito ya ku Eriya 4 ataiiwala kale, mnyamata uja atapita kwawo. Mafayilo a kontirakiti yotere satayidwa ntchito ikangotha.

Tsopano inshuwaransi, poti ambiri amadzitonthoza nayo. Kontirakiti imalamula wogwira ntchito kukhala ndi inshuwaransi yolipira anthu apadera akavulala kapena katundu wawo akawonongeka, ndipo mayiyu ali nayo. Koma m'zikalata zambiri za inshuwaransi yotere muli mawu ochotsera udindo umene munthu wadzisenzetsa yekha kudzera mu kontirakiti, pokhapokha ngati udindowo ukanamugwera ngakhale popanda kontirakitiyo. Tanthauzo lake pa nkhani yathu ndi lakuti gawo la mpopi wosatseka a inshuwaransi akhoza kulipira, chifukwa lamulo likanamugwira mayiyu ndi kale. Gawo la sinki yotsekeka, limene iye analisenza chifukwa cha chiganizo chachiwiri, akhoza kulikana. Zikalata zina zimachotseranso katundu amene ali m'manja mwanu kapena amene mukugwirapo ntchito, ndipo kwa woyeretsa zimenezi si zazing'ono. Musanasainire, tengerani ndimeyo kwa amene anakugulitsani inshuwaransi, akuyankheni molemba kuti ndi ziti zimene akulipira.

Osadaliranso kuti mwini nyumba ndi munthu wabwino, ali ndi inshuwaransi yake, sangakuvutitseni. A inshuwaransi ake akamulipira, amalowa m'malo mwake ndi kutenga ufulu wake wofuna ndalamazo kwa amene ayenera kulipira. Amene adzakulembereni kalata si bwana amene mumapatsana naye moni m'mawa, koma loya wa kampani ya inshuwaransi, atagwira ndime yomweyi.

Tibwerere ku ziwerengero, ndime itakonzedwa monga tanenera. A inshuwaransi a mayiyu aitanidwa sabata lomwelo, aona mabuku a walendi, ndipo phindu lotayika latsika kufika pa K4,000,000. Malipiro a loya, poti ndime tsopano ikuti akhale oyenera, afika pa K3,000,000. Kuphatikiza ndi K6,000,000 ya siling'i ndi K14,000,000 ya makompyuta, zonse ndi K27,000,000. Tinene kuti agwirizana kuti mpopi wasenza magawo 60 pa 100 a mlandu, sinki magawo 40. Gawo la mayiyu ndi K16,200,000, pansi pa malire a K24,000,000, ndipo mbali yaikulu ndi udindo umene lamulo likanamupatsa ndi kale, kotero a inshuwaransi alibe pothawira pokulirapo. Iye alipira kachigawo koyamba kamene chikalata chake chimamusiyira.

Chimodzi chimene kukonza ndimeyi sikungasinthe: walendi sanasainire kontirakitiyi, choncho siyikumumanga. Akhoza kusumira kampani yoyeretsa mwachindunji chifukwa cha kusasamala kwa mnyamata uja, ndipo malire a K24,000,000 sangamuletse. Ndimeyi imangokonza mmene mwini nyumba ndi woyeretsa agawanirane zolipirazo pakati pawo. Nchifukwa chake nkoyenera kupempha kuti lonjezolo likhale la mbali zonse ziwiri, kuti ngati walendi wasankha kusumira mayiyu yekha pa ndalama zonse, mwini nyumba naye abweze gawo la sinki yake.

Pa matenda a makampani akuluakulu ndi a boma, nthawi zambiri amanena kuti kontirakiti ndi yomweyo kwa onse, sasintha. Zikatero mpata wofunsa umakhala pa nthawi ya mafunso, tenda isanatsekedwe, ndipo funsolo lipite molemba. Akakanabe, chotsala ndi masamu: funsani a inshuwaransi mtengo woonjezera udindo wa mu kontirakiti pa chikalata chanu, muuike mu mtengo wa ntchito, ndipo ngati K2,000,000 pa mwezi siyingaunyamule, mtengo wa tenda ukwere kapena ntchitoyo muisiye.